Ana 336 mwa angati? Kalondolondo wa sikelo ya kumudzi

Kamodzi pa mwezi, m'madera ambiri akumidzi m'dziko muno, sikelo ya ana imapita kwa anthu. Alangizi a zaumoyo amanyamula bokosi lozizira la katemera panjinga, sikelo yokoleka pamtengo ndi mabuku olembamo, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, pakhonde la tchalitchi kapena m'kalasi ya sukulu. Amayi amabwera ndi ana kumbuyo, timabuku ta kusikelo tili m'majumbo. Mabungwe ambiri amene amati akuthandiza zaumoyo kumidzi amathira ndalama zawo pantchito imeneyi. Amagula mafuta a njinga yamoto, amapereka alawansi, amamanga kashedi, amaphunzitsa anthu odzipereka otsata ana amene asiya kubwera. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, amene anapereka ndalama amafunsa ngati ntchito yathandiza, ndipo yankho limadalira chikalata chimene chinayenera kulembedwa ntchito isanayambe: ndondomeko ya kalondolondo ndi kawuniwuni.

Chikalatachi si chachilendo. Chimanena zimene tiziyeza, pamene tikuyambira, pamene tikufuna kufika, amene azilemba manambala, buku limene azilembamo, ndi nthawi imene tizikhala pansi kuwaona. Kalondolondo ndi wa mwezi ndi mwezi, wofuna kudziwa ngati ntchito ikuyenda monga tinapanganira. Kawuniwuni amabwera pakati kapena kumapeto, ndipo funso lake ndi lovutirapo: kodi pasintha kanthu, ndipo ngati pasintha, ndi chifukwa cha ife?

Kuti nkhaniyi igwirike, tiyerekeze pulojekiti imodzi. Manambala ake ndi ongoyerekeza, koma ndi a mtundu umene aliyense wogwira ntchitoyi angauzindikire. Pali chipatala chaching'ono m'mapiri a kumalire kwa Ntcheu ndi Mozambique. Mbali ina ya dera lake ili kutali, mtunda woposa makilomita 8, ndipo kumeneko kuli anthu pafupifupi 12,000. Kuli malo anayi ochitirako sikelo. Pulojekiti ikufuna kuti ana a kumeneko azimaliza katemera wawo asanakwanitse chaka.

Zoyeza zikhale zochepa

Chizindikiro ndi nambala imene imatiuza ngati chinthu chikuchitika. Matenda a ndondomeko zambiri ndi kuchulukitsa zizindikiro. Wolemba ali mu ofesi ku Lilongwe amafuna kusangalatsa aliyense, ndiye amandandalika zinthu makumi anayi, kuyiwala kuti wodzaza mafomu ake ndi mlangizi yemweyo amene tsiku la sikelo akuyeza ana, kubaya katemera, kuphunzitsa amayi ndi kulemba mabuku a boma. Fomu yoonjezera imadzazidwa madzulo a tsiku lomaliza la mwezi, mwakungokumbukira. Pulojekiti yathu zizindikiro zisanu zikuikwanira, ndipo zinayi mwa izo zimapezeka kale m'mabuku a Unduna wa Zaumoyo.

Choyamba chikuyeza ntchito yeniyeniyo: mwa masiku a sikelo amene anakonzedwa, ndi angati anachitikadi. Malo anayi, kamodzi pa mwezi, ndi masiku 48 pa chaka. Apa ndondomeko ifotokoze kuti "kuchitika" n'kutani. Ngati mlangizi anafika, n'kuyeza ana, koma katemera sanabwere chifukwa njinga inalibe mafuta, amayi abwerera ndi ana osabayidwa. Kwa pulojekiti ya katemera, tsiku limenelo silinachitike, ndipo izi zilembedwe poyera kuti pasadzakhale mkangano. Pakhalenso danga lolemba chifukwa chake: mvula, mafuta, maliro m'mudzi, katemera kutha, kapena alangizi onse kupita kumaphunziro. Danga laling'onoli limadzathandiza kuposa matebulo ambiri.

Chachiwiri ndi chachitatu zimachokera pa katemera mmodzi wotchedwa Penta, amene amateteza ku matenda asanu, kuphatikizapo chifuwa chokoka mtima, kafumbata ndi matenda a chiwindi. Mwana amamulandira katatu: pa masabata 6, pa masabata 10 ndi pa masabata 14. Chiwerengero cha ana olandira Penta woyamba chimasonyeza ngati sikelo ikuwafikira anthu. Kusiyana kwa olandira woyamba ndi olandira wachitatu kumasonyeza ana amene anayamba koma n'kusiyira panjira. Amawerengera chonchi:

```
(Penta1 - Penta3) / Penta1 x 100
```

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati osiyira panjira akaposa 10 pa 100 alionse ndiye kuti pali vuto lofunika kulifufuza.

Chachinayi ndi masiku amene chipatala chinakhala chopanda katemera wina aliyense m'mweziwo. Chachisanu ndicho cholinga chenicheni: mwa ana a miyezi 12 mpaka 23, ndi angati analandira makatemera onse oyambirira, kuyambira wa BCG wa pobadwa mpaka wa chikuku wa pa miyezi 9. Amasankha msinkhu umenewu chifukwa mwana wa miyezi isanu sangakhale atamaliza, ndipo kumuwerengera kungatsitse nambala popanda chifukwa.

Pali chizindikiro china chimene opereka ndalama amachikonda, koma ine ndingachikane m'ndondomeko ya dera laling'ono chonchi: imfa za ana. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti m'Malawi, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 63 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. M'dera lobadwa ana 450 pa chaka, pamlingo umenewo tikunena imfa pafupifupi 28. Chaka chotsatira zikakhala 23, palibe angalumbire kuti ndi sikelo yachititsa. Mwina malungo anachepa, mwina kunali chakudya, mwina maliro ena sanalembedwe. Nambala zazing'ono zimakwera ndi kutsika pazokha. Imfa iliyonse ilembedwe ndi kufufuzidwa, koma isakhale muyeso wa pulojekiti.

Mwa angati?

Apa ndi pamene ndondomeko zambiri zimathyokera. Tinene kuti chaka chatha mabuku akusonyeza kuti m'dera lathuli ana 420 analandira Penta woyamba ndipo 336 analandira wachitatu. Kodi 336 ndi nambala yabwino? Sitingadziwe mpaka titadziwa kuti ana onse oyenera kulandira analipo angati.

Njira yodziwika ndi kutenga chiwerengero cha anthu chochokera ku kalembera, n'kuchotsapo gawo loimira ana osakwana chaka. Kwa zaka zambiri zipatala zathu zinkawerengera kuti ana otere ndi 5 mwa anthu 100 alionse. Pa anthu 12,000 ndiye kuti ana 600. Koma kabereki katsika m'dziko muno. Kafukufuku wa 1992 anapeza kuti mayi ankabereka ana pafupifupi 6.7 pa moyo wake, wa 2010 anapeza 5.7, ndipo wa 2015-16 anapeza 4.4. Gawo lakale lija likhoza kutipatsa ana amene sanabadwe n'komwe. Kuonjezera apo, kalembera womaliza anachitika mu 2018, ndipo anawerenga anthu potsata maboma, mafumu aakulu ndi timadera ta kalembera. Malire a dera la chipatala satsata mizere imeneyo, choncho nambala imene chipatala chimalandira ndi yogawidwa mwakuyerekeza.

Njira ina ndi yakuti alangizi ayende khomo ndi khomo m'midzi yawo, kulemba mwana aliyense wosakwana chaka. Tinene kuti atero ndipo apeza ana 450.

Taonani tsopano zimene zikuchitika. Tikagwiritsa ntchito 600, ana olandira Penta woyamba ndi 70 pa 100. Tanthauzo lake ndi lakuti ana atatu mwa khumi sakufikiridwa n'komwe, ndipo nzeru yake ingakhale kutsegula malo atsopano a sikelo, kugula njinga ina, kumanga mashedi ena. Tikagwiritsa ntchito 450, olandira Penta woyamba ndi 93 pa 100. Tanthauzo lake lasintha: pafupifupi mayi aliyense amabwera koyamba, malo alipo okwanira, ndipo vuto lili pakubwereranso. Ana ndi omwewo, mabuku ndi omwewo, koma ndalama za pulojekiti zingapite mbali ziwiri zosiyana malingana ndi nambala imene yaikidwa pansi pa mzere.

Ubwino wa chizindikiro cha osiyira panjira ndi wakuti sichifuna kalembera. Chimangoyerekeza 420 ndi 336. Kusiyana kwake ndi ana 84, kapena kuti 20 pa 100, kuwirikiza kawiri malire aja a 10. Kaya anthu a m'deralo ndi 12,000 kaya 9,000, ana 84 amenewo anayamba ndipo sanamalize. N'chifukwa chake m'dera limene chiwerengero cha anthu chili chokayikitsa, ndingadalire kwambiri chizindikiro chimenechi.

Nanga ndondomeko isankhe iti, 600 kapena 450? Lipoti la boma liyenera kugwiritsa ntchito nambala ya boma, ndipo pulojekiti ilibe mphamvu yosintha zimenezo. Koma ndondomeko ikhoza kulemba zonse ziwiri, kunena kumene iliyonse yachokera ndi tsiku limene inapezeka, n'kulonjeza kuti siidzasintha nambalayo pakati pa ulendo popanda kunena. Chinyengo chosavuta kwambiri pa ntchitoyi, chimene nthawi zina chimachitika popanda cholinga choipa, ndi kuyamba ndi 600 n'kumaliza ndi 450. Popanda kubaya mwana mmodzi woonjezera, Penta wachitatu amakwera kuchoka pa 56 kufika pa 75 pa 100, ndipo anthu amaomba m'manja.

Kuwerenga kwa khomo ndi khomo nakonso kuli ndi zofooka zake. Mabanja amene mlangizi sawafikira ndi katemera ndi omwewo amene sawafikira ndi cholembera: a kuseri kwa phiri, a m'maesiteti, amene amasamukira kudimba kapena kunyanja nyengo zina, ndi a mipingo yokana mankhwala. Ndiye 450 ikhoza kukhala yochepa. Ndipo kumalire, monga ku Ntcheu, Dedza, Mchinji, Mulanje kapena Nsanje, amayi a tsidya lina amabwera kudzabayitsa ana kuno chifukwa n'kufupi. Mwana wotere abayidwe, palibe funso. Koma iye sali m'chiwerengero cha deralo, ndipo akachuluka, lipoti limatha kunena kuti ana 115 pa 100 alandira katemera pamene m'mudzi wina wa m'dera lomwelo muli ana osabayidwa. Mankhwala ake ndi danga limodzi m'kaundula lolemba mudzi wa mwana, ndi kuwerenga padera a m'dera ndi a kunja.

Poyambira

Chiwerengero choyambira chimatengedwa ntchito isanayambe. Zikumveka zachidziwikire, koma kawirikawiri ndalama zikafika, anthu amathamangira kuyamba, ndipo kafukufuku woyambira amachitika patatha miyezi isanu, njinga zili kale pamsewu. Pamenepo zimene zikuyezedwa ndi dera losinthidwa kale.

Gwero loyamba ndi mabuku a chipatala, ndipo atengedwe a miyezi 12 yathunthu. Sikelo ya kumudzi imayenda ndi nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitsinje imadzaza, misewu imaterera, amayi ali kumunda kapena kuganyu. Wotenga miyezi imeneyi ngati poyambira, n'kudzayerekeza ndi Juni mpaka Ogasiti, adzapeza kusintha kwakukulu kumene wabweretsa ndi dzuwa. Pa chitsanzo chathu, miyezi 12 ikusonyeza kuti mwa masiku 48 a sikelo, 31 okha ndiwo anachitika, pafupifupi 65 pa 100. Ikani nambalayi pambali pa ana 84 aja, chithunzi chiyamba kuoneka. Mayi amene wayenda maola awiri kawiri konse n'kupeza kulibe katemera, ulendo wachitatu amauganizira.

Manambala a dziko lonse sangalowe m'malo mwa poyambira pa dera. Kafukufuku wa 2015-16 uja anapeza kuti ana 76 pa 100 a miyezi 12 mpaka 23 anali atalandira makatemera onse oyambirira. Nambalayo ndi yothandiza poyerekeza, koma yaphatikiza mwana wa ku Area 18 ndi wa kuseri kwa phiri, ndipo pulojekiti inasankha dera lakelo chifukwa likusiyana ndi madera ena.

Gwero lachiwiri ndi kafukufuku wa m'makomo, chifukwa mabuku a chipatala amadziwa ana okhawo amene anabwera. Pulojekiti yaing'ono singakwanitse kufunsa mabanja zikwi, ndipo sikufunika kutero. Pali njira yotchedwa LQAS imene inayambira m'mafakitale poyeza katundu, kenaka azaumoyo anaitenga. Dera limagawidwa m'zigawo, tinene molingana ndi malo anayi a sikelo aja. M'chigawo chilichonse mumasankhidwa mwamaere ana 19 a miyezi 12 mpaka 23. Ngati mlingo wofuna kufikira ndi 80 pa 100, lamulo lake ndi lakuti ana osachepera 13 mwa 19 apezeke atamaliza katemera. Akapezeka 12 kapena kucheperapo, chigawocho chikutsalira ndipo chikufunika chidwi.

Malire a njirayi adziwike bwino. Ana 19 sangatiuze kuti chigawo chakuti chili pa 58 pa 100. Amangotithandiza kusiyanitsa chigawo chimene chikuoneka kuti chafika pa mlingo ndi chimene chili pansi kwambiri. Kuti tipeze nambala ya dera lonse timaphatikiza zigawo, poganiziranso kuchuluka kwa anthu m'chigawo chilichonse, ndipo akatswiri amalangiza zigawo zisanu, ana 95, kuti nambalayo isaphonye ndi zoposa 10 mbali iliyonse. Pulojekiti yathu ya malo anayi ikhoza kugawa pawiri chigawo chachikulu. Koma ngakhale zitatero, kukwera kuchoka pa 62 kufika pa 67 sikungatchedwe umboni. Ndondomeko yoona mtima imanena zimenezi pachiyambi.

Mphamvu yonse ya kafukufukuyu ili pa kasankhidwe ka ana. Ofufuza akafika kwa amfumu, monga mwa mwambo ayenera kutero, amfumu mwaulemu amapereka mnyamata woti awaperekeze, ndipo mnyamatayo amawatengera kumakomo apafupi, kwa amayi odziwika kuti sajomba kusikelo. Palibe wanama, koma zotsatira zake zawonongeka. Chofunika ndi mndandanda wa makomo onse a m'mudzi, kupereka nambala ku khomo lililonse, n'kuchita maere. Pakhomo losankhidwa pakapanda mwana wa msinkhuwo, apite pakhomo loyandikana nalo motsata lamulo lolembedwa kale. Mayi akapezeka kuti wapita kumunda, ofufuza abwererenso madzulo kapena mawa, chifukwa amayi osapezeka pakhomo masana ndi omwe kawirikawiri sapezekanso kusikelo. Ndipo wofunsa asakhale mlangizi wa mudzi womwewo. Mayi sangamuuze m'maso kuti anasiya kubwera chifukwa anakalipiridwa atataya kabuku.

Umboni weniweni ndi kabuku ka mwana, mmene muli masiku a katemera aliyense. Kabuku kakasowa, kapena kakanyowa ndi mvula mpaka kosawerengeka, amafunsa mayi zimene akukumbukira. Chipsera cha BCG pamkono chimaoneka ndi maso. Koma majakisoni a pantchafu ndi ovuta, chifukwa tsiku limodzi mwana amabayidwa Penta ndi katemera wa chibayo, ndipo mayi akati "anabayidwa katatu" sitidziwa ngati akunena maulendo kapena majakisoni. Choncho fomu ilembe padera ana otsimikizika ndi kabuku ndi ana odalira mawu a mayi, ndipo lipoti lionetse zonse ziwiri. Ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje, pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mabanja ambiri anataya katundu yense m'madzi. Kafukufuku wodalira timabuku tokha m'madera otere angasonyeze kuti katemera watsika pamene chatsika ndi chiwerengero cha timabuku.

Ulendo wa nambala

Tsiku la sikelo, mwana aliyense wobayidwa amalembedwa malo atatu: m'kabuku kake, m'kaundula wa ana mmene muli dzina ndi mudzi, ndi papepala lochongapo limene amadula kamzere pa katemera aliyense. Mwezi ukatha, timizere timawerengedwa, manambala amalowa m'lipoti la chipatala, lipotilo limapita ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma, kumene amalilowetsa m'kompyuta mu DHIS2, pulogalamu imene inapangidwa ku yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo Malawi imagwiritsa ntchito posunga manambala a zaumoyo a dziko lonse. Ndondomeko yabwino imadalira njira imeneyi m'malo momanga yakeyake, chifukwa pulojekiti idzatha koma kaundula adzatsala. Chimene ingaonjezere ndi kusunga manambala a malo alionse a sikelo padera, popeza akafika kuboma amakhala ataphatikizidwa pa dzina la chipatala.

Nambala ikasamuka kuchoka papepala lina kupita pa lina, mpata wolakwitsa ulipo. Ndiye miyezi itatu iliyonse wina apite kukawerenganso. Amasankha mwezi umodzi ndi katemera mmodzi, n'kuwerenga m'kaundula mwana mmodzimmodzi. Ngati lipoti linati ana 40 analandira Penta wachitatu koma m'kaundula mwapezeka 31, kusiyanako kwaposa 10 pa 100, malire amene ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo pafunika kufunsa. Nthawi zambiri si bodza. Pagulu la amayi zana limodzi, kudula kamzere n'kofulumira kuposa kufunafuna dzina m'buku, ndiye kaundula amatsalira. Koma kaundula wotsalira ndiye kuti palibe angadziwe dzina la mwana amene wajomba, ndipo odzipereka otsata ana alibe poyambira.

Njira ina yoyesera, imene anthu amaiwala, ndi buku la katundu. Ana obayidwa sangachuluke kuposa madozi amene anatuluka m'firiji. Lipoti likati ana 60 abayidwa pamene anatuluka madozi 50, china chake chalakwika. Buku lomweli limaululanso nkhani ya katemera wa chikuku. Botolo lake limakhala ndi madozi angapo, kawirikawiri 10, ndipo akalisungunula liyenera kutayidwa pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha. Mlangizi amene wadzudzulidwapo kuti akuwononga katemera, akaona ana awiri okha a miyezi 9, amawauza amayi kuti adzabwere mwezi wamawa ana akadzachuluka. Ngati ndondomeko yaika "kuchepetsa katemera wotayika" ngati chizindikiro cha kupambana, yamukankhira mlangiziyo kubweza ana. Chizindikiro chilichonse chimasintha khalidwe la amene akuyezedwa nacho, ndipo wolemba ndondomeko adzifunse kuti munthu wotopa angakwaniritse bwanji nambalayi popanda kuthandiza mwana.

Pali zizindikiro zina zosonyeza kuti manambala akudwala. Nambala yofanana ndendende miyezi inayi yotsatizana. Manambala othera pa 0 kapena 5 nthawi zonse. Mwezi wa Febuluwale wochita bwino kuposa Julayi pamalo amene aliyense akudziwa kuti mtsinje unadzaza. Penta wachitatu woposa Penta woyamba chaka chonse, zimene zingachitike ngati ana anayambira kuchipatala chachikulu n'kudzamalizira kumudzi, koma zingatanthauzenso kuti kamzere kakudulidwa pamalo olakwika.

Manambala aonedwe kumene alembedwa. Pakhoma la chipatala pamakhala tchati chokhala ndi mzere wokwera wosonyeza ana oyenera kufikiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo pansi pake amajambula mzere wa amene afikiridwadi. Tchati chimenechi chikadzazidwa ndi kukambidwa pa msonkhano wa mwezi, pamodzi ndi a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, vuto la Janyuwale limadziwika mu Febuluwale. Likadikira lipoti la mlangizi wobwera ndi galimoto kumapeto kwa chaka, ana a Janyuwale aja akula kale. Mayina a ana ndi a makolo awo atsale m'kaundula, pamalo otsekedwa. Ku bungwe kupite manambala okha.

Kodi ndi ife?

Tinene kuti patha chaka. Masiku a sikelo ochitika akwera kuchoka pa 31 kufika pa 43. Ana olandira Penta wachitatu kumalo anayi aja achuluka kwambiri. Asanalembe lipoti lachikondwerero, wowunika ayang'ane kaundula wa pachipatala penipeni. Amayi ena amene kale ankapirira ulendo wa makilomita 10 tsopano akubayitsa pafupi, ndipo nambala ya kumudzi yakwera pamene ya pachipatala yatsika. Kufupikitsa ulendo ndi phindu ndithu, ndipo lilembedwe, koma si ana atsopano. Chofunika kuyerekeza ndi ana onse a midzi imeneyo, kulikonse kumene anabayidwira, ndipo apa danga la mudzi lija likugwiranso ntchito.

Ayang'anenso zimene zinachitika m'dziko chaka chimenecho. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo panatsatira makampeni angapo a khomo ndi khomo. Madontho a kampeni sayenera kulowa m'manambala a katemera wa nthawi zonse. Komanso kampeni imatenga alangizi onse kwa masiku angapo, nthawi zina sikelo n'kulephereka, pamene mbali ina imakumbutsa makolo za katemera. Zoterezi zimakhudza madera onse, a pulojekiti ndi opanda pulojekiti. Njira yotsika mtengo yozisiyanitsa ndi kusankhiratu pachiyambi chipatala china chofanana nacho m'boma lomwelo, kumene pulojekiti sikugwira ntchito, n'kumaona manambala ake mu DHIS2. Ngati osiyira panjira atsika kuchoka pa 20 kufika pa 11 kwathu, koma kumeneko atsikanso kuchoka pa 19 kufika pa 12, gawo lathu ndi laling'ono kuposa mmene tikufunira. Kuyerekeza kumeneku si umboni wotheratu, chifukwa madera awiri safanana pa zonse, koma kumaletsa kudzitama kopanda maziko.

Kafukufuku wa m'makomo abwerezedwe mwezi womwewo wa chaka, ndi mafunso omwewo, ndi maere atsopano. Pali msampha wa nthawi apa. Ana a miyezi 12 mpaka 23 amene tingawapeze patatha chaka chimodzi, ambiri analandira Penta wawo pulojekiti isanayambe kapena itangoyamba. Kuti kafukufuku aone ana okhawo amene anabadwa ntchito ili m'kati, pafunika zaka ziwiri zathunthu. Pulojekiti ya miyezi 12 yolonjeza kusintha chizindikirochi yalonjeza chinthu chimene singathe kuchiona.

Tinene kuti pa chaka chachiwiri zigawo zinayi zapeza ana 14, 15, 16 ndi 14 mwa 19, koma chachisanu chapeza 9. Danga la zifukwa lija likusonyeza kuti masiku asanu a sikelo analephereka kumeneko, anayi mwa iwo pakati pa Disembala ndi Malichi, onse chifukwa cha mtsinje umodzi wopanda mlatho. Zokambirana ndi amayi, m'magulu a anthu asanu ndi atatu kapena khumi popanda mlangizi kapena amfumu pafupi, zikuonjezera china chimene kaundula sakanatha kunena: tsiku la sikelo kumeneko limagwa pa tsiku la msika. Kusintha tsiku sikufuna ndalama, ndi nkhani ya chipatala ndi mafumu. Za mtsinje zikufuna kuti ndondomeko ya chaka chotsatira iike tsiku lachiwiri lobwezera sikelo iliyonse yolephereka m'sabata yomweyo madzi akaphwa, ndiponso sikelo yoonjezera mu Novembala ndi mu Epulo, yoitanira ndi mayina ana onse amene kaundula akusonyeza kuti atsalira.